Phunziro: Kuwerenga Peresenti ya Pabotolo ndi Kuyerekeza Mphamvu ya Biya, Vinyo ndi Mowa Waukali



Ophunzira athu, makolo ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, phunziro la ulendo uno lachokera pa funso lomwe mnyamata wina wa Fomu 3 anafunsa m'kalasi. Iye anati mnzake wa kumudzi anamuuza kuti biya si mowa weniweni, chifukwa pabotolo pake pamalembedwa 5% yokha pamene pabotolo la jini pamalembedwa 40%. Mnyamatayo amadziwa bwino kuti Chisilamu chinaletsa zonse ziwiri. Chomwe chinamusowa ndi yankho pa nkhani ya manambalayo, ndipo anavomera kuti 5 anaoneka wochepadi pomuyerekeza ndi 40.

Mwina ena adabwa kuona nkhani ya mabotolo a mowa m'kalata ya sukulu ya Chisilamu. Chifukwa chake n'chakuti ngakhale sitimwa, timakhala pakati pa anthu omwa. Timakwera njinga zamoto za kabaza zoyendetsedwa ndi anthu omwe amati angomwa "kabiya kamodzi". Timagula zoziziritsa kukhosi m'masitolo momwe zitini za mowa zimaoneka ngati za juwisi. Mwana yemwe sadziwa kuwerenga lebulo akhoza kunamizidwa ndi nambala, kapenanso kumwa chinthu chomwe sanafune kumwa. Mfundo ya phunziro lonseli ndi imodzi: peresenti imatiuza ukali wa chakumwa, koma kuti tidziwe kuchuluka kwa choledzeretsa chomwe chalowa m'thupi tiyenera kuwerenganso kukula kwa botolo.

Kodi nambala ija imatanthauza chiyani?

Mu biya, mu vinyo, mu jini, mu masese ndi mu kachasu muli chinthu chimodzi chomwe chimaledzeretsa. A sayansi amachitcha ethano, ndipo pamalebulo chimatchedwa alikoholo. M'phunziroli tizichitcha alikoholo, kuti tisiyanitse ndi chakumwa chonse chomwe pa Chichewa timangoti mowa. Alikoholo wa mu biya ndi yemweyo wa mu jini. Chimasiyana ndi kuchuluka kwa madzi omwe alikoholoyo wasakanikirana nawo.

Nambala ya pabotolo imatiuza gawo lomwe alikoholo watenga pa magawo 100 a chakumwacho, poyeza ndi malo omwe chimadzaza. Tikaona 5%, ndiye kuti m'mamililita 100 aliwonse muli mamililita 5 a alikoholo, ndipo otsalawo ndi madzi, shuga ndi zokometsera. Tikaona 40%, ndiye kuti m'mamililita 100 muli mamililita 40 a alikoholo. Kuti tione kukula kwake, tikumbukire kuti kasupuni ka mankhwala kamalowa mamililita 5, ndipo lita imodzi ndi mamililita 1000.

Opanga zakumwa salemba nambalayi mofanana. Pabotolo lina mupeza 5% vol, pa lina 5% alc/vol, pa lina alc. 5% vol, pa lina 5% ABV, ndipo pamabotolo a mankhwala nthawi zambiri pamakhala 5% v/v. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi. Zilembozo zimakhala zing'onozing'ono, kawirikawiri m'munsi mwa lebulo ya kutsogolo kapena kumbuyo pafupi ndi nambala ya kukula kwa botolo. Katundu wambiri wochokera ku South Africa ndi ku Mozambique amagwiritsa ntchito kachizindikiro ka mpatuliro m'malo mwa kadontho, choncho 4,5% ndi chimodzimodzi ndi 4.5%. Musawerenge ngati 45%.

Si peresenti iliyonse ya palebulo yomwe imanena za alikoholo. Pabotolo la juwisi pakalembedwa 100%, akunena kuti madziwo ndi a zipatso okhaokha. Yang'anani mawu omwe ali pafupi ndi nambalayo: pakakhala alc, vol, ABV kapena v/v motsatana ndi dzina la alikoholo, dziwani kuti ndi mphamvu ya mowa.

Nambala yachiwiri yofunika kuipeza ndi ya kukula kwa botolo kapena chitini. Imalembedwa ndi ml, cl kapena L. Sentilita imodzi ndi mamililita 10, motero botolo la vinyo lolembedwa 75 cl ndi la mamililita 750, ndipo chitini cha 33 cl ndi cha mamililita 330. Ophunzira ambiri amalakwitsa masamu awo pomwepa, chifukwa amatenga 75 ngati mamililita.

N'chifukwa chiyani mphamvu zimasiyana chonchi?

Alikoholo amapangika pamene yisiti wadya shuga. Yisiti ndi tizamoyo tating'ono tomwe timafufumitsanso buledi ndi mandasi. Tikamadya shuga timatulutsa mpweya ndi alikoholo. Mphamvu ya chakumwa imadalira kuchuluka kwa shuga yemwe tapatsidwa, komanso nthawi yomwe tasiyidwa kuti tigwire ntchito.

Biya amafululidwa kuchokera ku chimera cha balere, mapira kapena chimanga. Madzi a chimera amakhala ndi shuga wocheperapo, choncho biya wambiri wa m'mabotolo amakhala pakati pa 4% ndi 6%, ngakhale alipo wina wofika 8% kapena kupitirira. Vinyo amachokera ku madzi a mphesa, omwe ali ndi shuga wambiri, ndipo nthawi zambiri amakhala pakati pa 11% ndi 14%. Apa pali malire achilengedwe. Alikoholo akachuluka kufika cha m'ma 15%, yisiti wamba amafooka ndi kusiya kugwira ntchito. Ndiye kuti kufulula kokha sikungatulutse chakumwa cha 40%.

Kuti afike pa 40%, opanga amachita kutcheza. Alikoholo amawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa madigiri 100. Mukatenthetsa mowa wofululidwa kale, nthunzi yoyamba kutuluka imakhala ndi alikoholo wambiri kuposa madzi. Nthunziyo ikadutsa mumpope wozizira imasandukanso madzi, ndipo zotuluka zimakhala zaukali kwambiri. Umu ndi momwe amapangira jini, wisiki, burande ndi vodika, zomwe kawirikawiri zimagulitsidwa pa 40% kapena 43%. Kachasu wa kumudzi amatchezedwa mwa njira yomweyi. Palinso vinyo wina yemwe amathiridwa mowa wotchezedwa kuti akhale waukali, ndipo amafika cha m'ma 20%.

Choncho tili ndi magulu atatu oti tiwasunge m'mutu: biya ali cha m'ma 5%, vinyo cha m'ma 12% kapena 13%, mowa waukali cha m'ma 40%. Pa muyeso wofanana, mowa waukali uli ndi alikoholo wochuluka kasanu ndi katatu kuposa biya. Mpaka apa mnzake wa mnyamata uja sanalakwe. Cholakwika chake chili pa mawu akuti "muyeso wofanana", chifukwa palibe yemwe amamwa biya pa muyeso wa jini.

Samu yake

Jini amagulitsidwa pa kamuyeso kotchedwa thoti, komwe m'malo ambiri kamakhala mamililita 25. Biya amagulitsidwa pa botolo lonse. Kuti tiyerekeze mwachilungamo tiyenera kupeza mamililita a alikoholo weniweni mu chilichonse. Njira yake ndi iyi:

kukula kwa chakumwa (ml) × peresenti ÷ 100 = alikoholo (ml)

Tiyambe ndi botolo la biya la mamililita 330 lolembedwa 5%. Tichulukitsa 330 ndi 5, tipeza 1650. Tikagawa ndi 100 tipeza 16.5. M'botolomo muli mamililita 16.5 a alikoholo, omwe ndi timasupuni ta mankhwala titatu ndi kuposerapo pang'ono.

Tsopano thoti imodzi ya jini wa 40%. Tichulukitsa 25 ndi 40, tipeza 1000, ndipo tikagawa ndi 100 tipeza 10. Mu thotimo muli mamililita 10 a alikoholo. Taonani zomwe zachitika: botolo limodzi la biya "wofooka" uja lili ndi alikoholo wambiri kuposa thoti ya jini "waukali", pafupifupi thoti imodzi ndi theka ndi kupitirira.

Vinyo nayenso tamuyeze. Tambula ya mamililita 150 ya vinyo wa 13% itipatsa 150 kuchulukitsa ndi 13, zomwe ndi 1950, ndipo tikagawa ndi 100 tipeza 19.5. Tambula imodziyo ikufanana ndi mathoti awiri a jini, kuperewera pang'ono. Botolo lonse la mamililita 750 lili ndi mamililita 97.5 a alikoholo, pafupifupi mathoti 10 kapena mabotolo 6 a biya.

Tikaika zonse pamodzi zikuoneka motere:

Thoti ya jini, 25 ml pa 40%: alikoholo 10 ml
Botolo la biya, 330 ml pa 5%: alikoholo 16.5 ml
Tambula ya vinyo, 150 ml pa 13%: alikoholo 19.5 ml
Lita imodzi ya masese pa 4%: alikoholo 40 ml
Kabotolo ka mowa waukali, 200 ml pa 40%: alikoholo 80 ml

Mizere iwiri yomalizayi ndi yofunika kuiganizira. Masese ali ndi peresenti yotsika kuposa zonse pa mndandandawu, koma lita imodzi ikufanana ndi mathoti 4. Ndipo kabotolo ka mamililita 200, komwe kamabisika m'thumba la buluku, kali ndi alikoholo wofanana ndi mabotolo a biya pafupifupi 5. Kholo likapeza kabotolo kotere mu chikwama cha mwana lisanyengeke ndi kuchepa kwake. Thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo alikoholo wochuluka chonchi akamwedwa nthawi imodzi akhoza kumukomola.

Pamabotolo ochokera ku Britain mudzaonanso nambala ina yotsatana ndi mawu akuti units. Kumeneko yuniti imodzi ndi mamililita 10 a alikoholo, omwe amalemera pafupifupi magalamu 8. Botolo lathu la biya lija lingakhale ndi mayuniti 1.7. Ndi samu yomweyi, angoti akuchitirani kale.

Chitsanzo: oyendetsa kabaza awiri

Tiyerekeze kuti mtsikana wa sukulu yathu wachedwa kuchokera ku maphunziro a masana ndipo afuna kukwera njinga yamoto. Pa siteji pali oyendetsa awiri. Woyamba akunena monyadira kuti iye sakhudza mowa waukali, wangomwa mabotolo 4 a biya kuyambira masana. Wachiwiri wamwa mathoti 3 a jini. Anthu ambiri angaganize kuti woyambayo ndiye ali bwino.

Tiwerengere. Woyamba wamwa mabotolo 4, lililonse la mamililita 16.5 a alikoholo, ndiye kuti onse pamodzi ndi mamililita 66. Wachiwiri wamwa mathoti 3 a mamililita 10, omwe ndi mamililita 30. Womwa biya uja wamwa alikoholo woposa kawiri wa mnzakeyo.

Thupi limachotsa alikoholo kudzera m'chiwindi, ndipo chiwindi chili ndi liwiro lake. Kwa munthu wamkulu wathanzi chimachotsa pafupifupi mamililita 10 pa ola limodzi, ngakhale izi zimasiyana malinga ndi thupi la munthu. Pa liwiro limeneli mamililita 66 amafuna maola 6 kapena 7, ndipo mamililita 30 amafuna pafupifupi maola 3. Kumwa khofi, kusamba madzi ozizira kapena kutafuna chingamu sikufulumizitsa chiwindi. Kumangobisa fungo ndi tulo.

Phunziro la chitsanzochi si lakuti mtsikanayo akwere njinga ya womwa jini. Onse awiri sali oyenera kuyendetsa, ndipo iye adikire wina kapena aimbire foni kunyumba. Chomwe tikufuna muone n'chakuti mawu akuti "ndi biya chabe" satiuza chilichonse pokhapokha titadziwa kuti mabotolo ndi angati komanso ndi aakulu bwanji.

Palinso chinyengo china chomwe achinyamata amauzana, chakuti mowa waukali ukathiridwa mu zoziziritsa kukhosi umatha mphamvu. Tiyese. Munthu wathira mamililita 50 a vodika wa 40% mu mamililita 250 a chakumwa chotsekemera. Alikoholo yemwe wathirayo ndi mamililita 20. Tsopano tambula yonse ili ndi mamililita 300, ndipo 20 pa 300 ndi pafupifupi 6.7%. Peresenti yatsika kuchoka pa 40 kufika pa 6.7, kuwawa kwabisika ndi shuga, koma mamililita 20 aja onse akadali momwemo. Ichi n'chifukwa chake timalangiza ana athu kuti pa zisangalalo asalandire chakumwa chotsegulidwa kale kapena chothiridwa mutambula ndi munthu yemwe samukhulupirira. Lilime silingadalirike pa nkhani imeneyi.

Malebulo omwe amasokoneza

Oyamba ndi a zakumwa zooneka ngati juwisi. Saida amapangidwa kuchokera ku madzi a maapozi ofululidwa, ndipo pachitini pake pamakhala chithunzi cha chipatso. Pali zinanso zotsekemera za mitundu yowala, zosakaniza kale ndi vodika kapena jini. Zambiri mwa izi zimakhala pakati pa 4% ndi 7%. Chitini cha saida cha mamililita 330 pa 6% chili ndi mamililita 19.8 a alikoholo, kuposa botolo la biya lija. Mukatuma mwana kusitolo muphunzitseni kutembenuza chitini ndi kufunafuna nambala yotsatana ndi vol asanalipire.

Achiwiri ndi a zakumwa zotchedwa zopanda mowa. M'mayiko ambiri lamulo limalola kuti biya wolembedwa non-alcoholic akhale ndi alikoholo wosapitirira 0.5%. Ku United States ndi choncho. Ku Britain malangizo a boma amati mawu akuti alcohol free akhale a chakumwa chosapitirira 0.05%. Manambala atatuwa, 5% ndi 0.5% ndi 0.05%, amafanana m'maso koma amasiyana kakhumi pa sitepe iliyonse. M'botolo la mamililita 330, woyamba atipatsa mamililita 16.5, wachiwiri 1.65, wachitatu 0.165. Choncho musadalire mawu aakulu a kutsogolo okha. Werengani nambala yaing'ono ya kumbuyo.

Dziwaninso kuti kusowa kwa nambala sikutsimikiza kuti mulibe alikoholo. M'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, mwachitsanzo, lamulo limakakamiza kulemba mphamvu pa chakumwa chopitirira 1.2%. Chomwe chili pansi pa pamenepo chikhoza kugulitsidwa popanda nambala. Pa zoterezi werengani mndandanda wa zomwe zathiridwamo, ndipo funani chizindikiro cha halaal chochokera ku bungwe lodziwika.

Achitatu ndi a mabotolo ochokera ku United States olembedwa mawu akuti proof. Nambala imeneyi ndi peresenti yochulukitsidwa kawiri. Botolo lolembedwa 80 proof ndi la 40%, ndipo la 100 proof ndi la 50%. Mukaona mawuwa gawani nambalayo ndi 2 musanayambe samu yathu ija.

Achinayi sali m'sitolo ya zakumwa n'komwe. Mankhwala ena akumwa a chifuwa, mankhwala otsukira m'kamwa ndi zonunkhiritsa keke amakhala ndi alikoholo. Vanila weniweni wamadzi wa ku United States amakhala ndi 35% kapena kuposa, zomwe zikuyandikira jini. Pa mankhwala samu yathu imathandiza kuona kukula kwa nkhaniyo: kasupuni ka mamililita 5 ka mankhwala a 5% kali ndi mamililita 0.25 a alikoholo. Ngati mwapatsidwa mankhwala otere kuchipatala musawasiye pa inu nokha. Funsani adokotala kapena ogulitsa mankhwala ngati alipo ena opanda alikoholo, chifukwa nthawi zambiri amapezeka. Mankhwala opaka m'manja ophera tizilombo amakhala ndi 60% kapena kupitirira, choncho aikidwe kutali ndi ana aang'ono.

Zakumwa zopanda lebulo

Samu yonseyi imafuna nambala, koma zakumwa zambiri za kwathu kuno zilibe lebulo. Kachasu alibe mphamvu yokhazikika. Woyamba kutuluka mumpope amakhala waukali kwambiri, wotsiriza amakhala ndi madzi ambiri, ndipo wogulitsa amasakaniza momwe wafunira. Womwa sangadziwe chomwe wamwa. Choopsa china n'chakuti mowa wopangidwa mobisa nthawi zina umasakanizidwa ndi methano, alikoholo wa mtundu wina yemwe amapezeka mu sipiriti wina wa ntchito za m'mafakitale. Methano amachititsa khungu ndipo amapha, ndipo sangazindikirike ndi maso kapena ndi lilime. Munthu akadandaula kuti sakuona bwino, mutu ukumupweteka kwambiri kapena akusanza atamwa mowa wotere, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo. Zizindikirozi zikhoza kuchedwa kuoneka mpaka tsiku lotsatira.

Masese nawo ali ndi khalidwe lawo. Yisiti amakhala akadali wamoyo mkati mwake, choncho amapitiriza kuwira ngakhale ali m'chigubu kapena m'paketi. Mphamvu yake imakwera tsiku ndi tsiku. Nambala ya 4% yomwe tagwiritsa ntchito pamwambapa ndi yongoyerekezera masese omwe akhala masiku angapo.

Izi zikutifikitsa m'nyumba mwathu momwe, pa thobwa. Thobwa latsopano ndi chakumwa chabwino chomwe timamwa pa maukwati ndi pomasula swaumu m'mwezi wa Ramadhani. Koma muli chimera ndi shuga, zomwe ndi chakudya cha yisiti, ndipo yisiti amapezeka mumpweya ndi m'ziwiya zomwe. Likasiyidwa pamalo otentha kwa masiku angapo limayamba kusanduka. Zizindikiro zake amayi athu amazidziwa: limachita thovu lokha, chigubu chimafufuma ndipo chimatulutsa mpweya pochitsegula, kutsekemera kumachepa, ndipo fungo limayamba kulasa m'mphuno. Kutsekemera kukuchepa chifukwa shuga akusanduka alikoholo. Njira yabwino ndi kuphika lokwanira tsiku limodzi kapena awiri, kulisunga pozizira, ndi kutsuka bwino chigubu musanathiremo latsopano. Likaonetsa zizindikiro tatchulazi, litayeni.

Nambala ndi lamulo la chipembedzo

Tsopano tibwerere kwa mnyamata wathu wa Fomu 3. Kuletsedwa kwa zoledzeretsa kuli mu Qur'an, Surat Al-Maidah, ndime 90 ndi 91. M'mahadisi olandiridwa ndi Abu Dawud ndi Tirmidhi, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anatipatsa muyeso womwe ophunzira malamulo a Chisilamu amagwiritsa ntchito. Mwachidule, timayang'ana chakumwacho ndi kufunsa ngati chingaledzeretse munthu atamwa chambiri. Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti n'choletsedwa ngakhale pa muyeso wochepa.

Samu yathu ikusonyeza momwe muyeso umenewu umagwirira ntchito. Biya wa 5% amaledzeretsa pa mabotolo ochepa chabe, monga taonera kwa woyendetsa kabaza uja. Choncho ali m'gulu limodzi ndi vinyo ndi jini, ndipo kutsika kwa peresenti yake sikumuchotsamo. Tisagwiritse ntchito masamuwa pofunafuna muyeso womwe tingamwe. Ntchito yake ndi kutithandiza kuzindikira chomwe chili m'botolo, kuyankha mnzathu yemwe akutinyengerera, ndi kudziteteza panjira.

Pali mafunso ena omwe nambala payokha singayankhe. Alikoholo wochepa kwambiri amapezeka mwachilengedwe ngakhale mu zipatso zakupsa kwambiri ndi m'madzi a zipatso, ndipo palibe amene amaledzera nazo. Pa nkhani ya biya wa 0.5% yemwe anafululidwa ngati mowa kenako n'kuchotsedwa alikoholo, pa vanila wa mu keke, ndi pa mankhwala, mashehe ali ndi maganizo osiyana, potengera komwe alikoholoyo wachokera, kuchuluka kwake ndi kufunika kwa chinthucho. Langizo lathu kwa ophunzira ndi lakuti chomwe mukukayika chisiyeni, makamaka chakumwa chongosangalatsa pakamwa chomwe muli nacho cholowa m'malo mwake. Pa mankhwala, lembani dzina lake, peresenti yake ndi muyeso womwe mwauzidwa kumwa, kenako mupite nazo kwa shehe. Funso lokhala ndi manambala limayankhidwa bwino kuposa longoti "akuti muli mowa".

Ntchito yochitira kunyumba

Makolo, chonde khalani pansi ndi ana anu muyese mafunso atatuwa. Simufunika botolo lenileni, pepala ndi cholembera ndi zokwanira.

1. Chitini cha biya ndi cha mamililita 500 ndipo chalembedwa 4,5% vol. Muli alikoholo wochuluka bwanji? Chikufanana ndi mathoti angati a mamililita 10?

2. Botolo lalembedwa 75 cl ndi 86 proof. Peresenti yake ndi yotani, ndipo muli mamililita angati a alikoholo?

3. Munthu wina wamwa malita 2 a masese a 4%. Mnzake wamwa matambula 2 a vinyo wa 12%, iliyonse ya mamililita 150. Wamwa alikoholo wambiri ndani, ndipo chiwindi chake chidzafuna pafupifupi maola angati?

Mayankho ake ndi awa. Pa funso loyamba, 500 kuchulukitsa ndi 4.5 ndi 2250, ndipo tikagawa ndi 100 tipeza mamililita 22.5, omwe ndi mathoti awiri ndi kagawo. Pa lachiwiri, 86 kugawa ndi 2 ndi 43%, botololo ndi la mamililita 750, choncho muli mamililita 322.5 a alikoholo. Pa lachitatu, wa masese wamwa mamililita 80 pamene wa vinyo wamwa 36, ndipo wa maseseyo adzafuna pafupifupi maola 8. Ngati anamaliza kumwa pakati pa usiku, m'mawa ana akamapita kusukulu alikoholo akhoza kukhala akadali m'magazi mwake.

Yemwe walakwitsa funso lachiwiri aone ngati anasintha 75 cl kukhala mamililita 750, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Ophunzira abweretse mapepala awo pa phunziro lathu lotsatira, In shaa Allah, tidzawaonere limodzi.

Allah ndiye Wodziwa koposa. Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.